Kusanja mawu a Chingerezi a "formal" ndi "informal": pamene pamakolera ndi mmene mungapakonzere

Ntchito yake imaoneka yosavuta. Aphunzitsi alemba mawu khumi ndi awiri pa bolodi, ajambula madanga awiri, lina alemba *formal*, lina *informal*, ndiye akuti aliyense aike mawu m'danga lake. Mawu anayi kapena asanu oyambirira amalowa okha popanda kuganiza. Otsalawo ndi amene amadya malikisi, ndipo ana omwewo amalakwa pa mawu a mtundu womwewo temu ndi temu, ngakhale atakopera mndandanda wautali m'kope n'kuuloweza. Vutoli silichokera ku kuchepa kwa mawu amene mwana akudziwa. Limachokera ku funso limene akudzifunsa akamasanja. Ambiri amafunsa kuti, "Kodi mawuwa ndi aatali kapena ovuta?" pamene funso loyenera ndi lakuti, "Ndani angalankhule chonchi, kwa yani, ndipo ali kuti?"

M'nkhani ino mawu a *formal* ndiziwatcha antchito, potengera kalata yantchito imene tonse tidaphunzira kulemba m'Chichewa, ndipo a *informal* ndiziwatcha amchezo, potengera kalata yamchezo. Musanayambe n'komwe, werengani malangizo a funso bwinobwino, chifukwa m'mabuku ena a Chingerezi mutu wa *register* umanena za mawu a ntchito inayake, monga a kuchipatala, a kukhoti kapena a kubanki. Imeneyo ndi nkhani ina. Pano tikunena za kukwera ndi kutsika kwa kalankhulidwe.

Madanga ndi awiri, koma magulu a mawu ndi atatu

Apa ndi pamene pagona gwero la zolakwa zambiri. Mawu ochuluka kwambiri a Chingerezi si antchito, si amchezo. Ali pakati. *Buy*, *children*, *begin*, *help*, *house*, *ask*: mungawalembe m'kalata yopita kwa a hedimasitala, mungawanenenso kwa mnzanu pa bwalo la mpira, ndipo palibe angadabwe. Dikishonale imasonyeza zimenezi poyera. Mukatsegula Oxford Advanced Learner's Dictionary pa *purchase* mupeza kachizindikiro koti *formal*, pa *kid* mupeza koti *informal*, koma pa *buy* ndi *child* simupeza kanthu. Kusowa kwa chizindikiroko ndi uthenga pakokha: mawuwo ndi apakati.

Tsono pepala likakupatsani madanga awiri okha, mawu apakati alibe kwawo. Mwana amaima pa *children* osadziwa kolowera, kenaka amangoponya mwa mwayi. Chizindikiro chakuti vuto lake ndi limeneli n'chosavuta kuona polemba malikisi: mawu a m'mphepete, monga *commence* ndi *kids*, akhoza onse, koma mawu wamba awamwaza uku ndi uku popanda dongosolo.

Mankhwala ake ndi kusasanja liwu lili lokha. Liwu lapakati limapeza malo potengera mnzake amene waima naye. *Children* likaima ndi *kids* limalowa kuntchito. *Children* lomwelo likaima ndi *offspring* limatsikira kumchezo, chifukwa pa awiriwo ndi lomwe lili lopepuka. *Buy* pambali pa *purchase* ndi lamchezo. *Tired* pambali pa *fatigued* ndi lamchezo, koma pambali pa *knackered*, limene Angerezi a ku Britain amanena pocheza, ndi lantchito. Wolemba funso nthawi zambiri amayamba ndi mawu awiriawiri m'mutu mwake, kenaka n'kuwasakaniza. Ntchito yanu yoyamba ndi kubwezeretsa awiriawiriwo. Muli ndi pensulo, ndiye jambulani danga lachitatu m'mbali mwa pepala, muikemo mawu onse okayikitsa, ndipo muwasamutse pomaliza mutawapezera anzawo.

Lamulo la "liwu lalitali ndi lantchito"

Lamulo limeneli ana sanalipeke okha, ndipo si labodza lonse. Lili ndi mbiri yake. Mu 1066 William wa ku Normandy adagonjetsa England, ndipo kwa zaka zambiri pambuyo pake Chifalansa chidali chilankhulo cha kunyumba ya mfumu ndi cha anthu apamwamba, Chilatini chili cha kutchalitchi ndi cha maphunziro, pamene anthu wamba ankapitiriza Chingerezi chawo kumunda ndi kukhitchini. N'chifukwa chake lero chinthu chimodzi chimakhala ndi mayina awiri kapena atatu osanjikizana: *ask*, *question*, *interrogate*, *rise*, *mount*, *ascend*, *begin* ndi *commence*, *buy* ndi *purchase*. Liwu lakale la Chingerezi limakhala lalifupi, lobwereka limakhala lalitali, ndipo kawirikawiri lobwerekalo ndi limene limamveka la muofesi.

Lamulolo limathandiza pa mawu ambiri, koma limagwa m'malo awiri, ndipo olemba mafunso amawadziwa malo amenewo.

Malo oyamba ndi mawu aafupi akale amene adatsalira m'makhoti ndi m'makalata a boma. *Deem* lili ndi phatikizo limodzi lokha ndipo ndi la Chingerezi chakale chenicheni, koma simudzamva mwana akuuza mnzake kuti *I deem this nsima too hot*. Limakhala m'ziganizo monga *the application was deemed incomplete*. *Seek* nalo ndi lalifupi, koma *seek permission* ndi kalankhulidwe kapamwamba kuposa *ask for permission*. Onjezanipo *whom*, *thus*, *hence*, *hereby* ndi *forthwith*. Mwana wodalira utali wa liwu amaponya onsewa kumchezo.

Malo achiwiri ndi mawu aatali amene adatsika. *Fantastic*, *terrific* ndi *fabulous* ali ndi maphatikizo atatu lililonse ndipo mizu yawo ili ku Chigiriki ndi Chilatini, koma akamatanthauza "zabwino kwambiri" ndi mawu a pocheza. Munthu wolemba lipoti salemba kuti *the harvest was fantastic*. Alemba *excellent* kapena *very good*. Ndipo mawu ambirimbiri ochokera ku Chifalansa, monga *people*, *place*, *use* ndi *very*, adazolowereka kotero kuti ndi apakati kotheratu.

Choncho utali wa liwu ukhale chokunong'onezani chabe, osati woweruza. Mukaganiza kuti mwapeza yankho, liyeseni m'ziganizo ziwiri. Choyamba chiyambe ndi *Dear Sir*, ngati kalata yopempha ntchito. Chachiwiri chikhale uthenga wa pafoni wopita kwa mnzanu wa m'kalasi. Liwu likaseketsa mu uthenga wa pafoni, ndi lantchito. Likachititsa manyazi m'kalata, ndi lamchezo. Likakhala bwino konsekonse, ndi lapakati, libwerere ku danga lanu lachitatu. *I shall reside at your place this weekend* polembera mnzanu zikumveka ngati munthu wavala suti kupita kukapalira chimanga, ndipo kuseka kumene mukusekako ndiye yankho lanu.

Ulemu si ndiwo "formal"

Ili ndi vuto lathu ife olankhula Chichewa makamaka. Kwathu kukwera kwa kalankhulidwe kumayendera limodzi ndi ulemu: "iwe" amasanduka "inu", "wabwera" amasanduka "abwera", "wafa" amasanduka "atisiya". Ndiye mwana akamva kuti *formal*, m'mutu mwake amamasulira kuti "mawu aulemu", ndipo *informal* amati "mawu achipongwe". Pa Chingerezi zinthu ziwirizi zimapatukana kawirikawiri. *Thanks a lot, mate* ndi mawu okoma mtima ndi aulemu ndithu pakati pa anzake, koma ndi amchezo. *You are hereby dismissed* mulibe kukoma mtima ngakhale pang'ono, koma ndi Chingerezi chantchito chenicheni. Chimene *formal* imayeza ndi mtunda pakati pa anthu awiri ndi mtundu wa malo amene ali, osati ubwino wa mtima wa wolankhula.

Mukaona mwana akuika *please*, *sorry* ndi *thanks* kuntchito, koma *terminate*, *prohibit* ndi *evict* kumchezo chifukwa "ndi mawu ankhanza", mwapeza matenda ake. *Thanks* ndi lamchezo pambali pa *thank you*. *Sorry* ndi lopepuka pambali pa *I apologise*. Njira imene imathandiza ndi kumupatsa mawu awiri onse onena chinthu chowawa, monga *sack* ndi *dismiss*, kapena *kick out* ndi *expel*, kuti aone kuti nkhanza ndi imodzimodzi koma kalankhulidwe kakusiyana.

Palinso mbali ina ya vuto lomweli. Ambiri a ife Chingerezi tidakumana nacho koyamba m'kalasi, m'mabuku, m'tchalitchi ndi m'makalata a ku ofesi, osati pa masewera. Motero mawu ena amene kwa eni chilankhulo ndi olemera, kwa ife ndi a tsiku ndi tsiku. *Assist*, *kindly*, *proceed*, *purchase*: timawamva pa kauntala, pa wailesi, ngakhale mu uthenga wa pafoni, mpaka khutu limaleka kumva kulemera kwawo. Khutu lotere likafunsidwa ngati *assist* ndi lantchito limayankha kuti ayi, ndi liwu wamba. Si kulakwa kulankhula choncho kuno, koma mafunso a m'mabuku amatsata mmene madikishonale amagawira. Pa mawu oterewa musadalire khutu, funsani kuti, "Kodi pali liwu lina lalifupi lonena chimodzimodzi?" Ngati lilipo, monga *help* pa *assist* kapena *go on* pa *proceed*, ndiye kuti lanulo lili pamwamba.

Aneni a mawu awiri, ndi mawu a matanthauzo angapo

Ana ambiri adauzidwa kuti aneni onse okhala ndi kachidutswa kumapeto, a mtundu wa *put off*, *find out* ndi *look into*, ndi amchezo. Pa mafunso a awiriawiri lamuloli limayenda: *put off* pambali pa *postpone*, *find out* pambali pa *discover*, *look into* pambali pa *investigate*, *put up with* pambali pa *tolerate*. Koma aneni amenewa sali onse pa msinkhu umodzi. *Mess up*, *hang out* ndi *rip off* ndi amchezo enieni. *Find out* ndi *put off* ndi apakati. *Carry out*, *point out* ndi *set out* mumawapeza m'malipoti a boma ndi m'mabuku a sayansi tsamba lililonse: *the survey was carried out in three districts*. Kuwaponya onse m'danga limodzi chifukwa cha maonekedwe ndi kubwereza cholakwa chija cha utali wa liwu, kungoti chavala malaya ena.

Vuto lofanana nalo ndi la liwu limodzi lokhala ndi matanthauzo angapo, tanthauzo lililonse pa msinkhu wake. *Broke* mu *he broke the cup* ndi nthawi yakale ya *break*, liwu lapakati lopanda nkhani. *Broke* mu *I'm broke*, kutanthauza kuti m'thumba mwauma, ndi lamchezo. *Kid* ponena mwana wa mbuzi ndi dzina lake lenileni limene ngakhale buku la zaulimi limagwiritsa ntchito. Ponena mwana wa munthu ndi lamchezo. *Sack* la chimanga ndi thumba basi. *Sack* lochotsa munthu ntchito ndi la pocheza ndi la mitu ya nkhani m'nyuzipepala. *Cool* wa madzi a mumtsuko si *cool* wa nsapato zatsopano. M'dikishonale chizindikiro chimaikidwa pa tanthauzo, osati pa liwu lonse, ndiye amene amangoyang'ana mzere woyamba n'kutseka buku amatuluka ndi yankho la tanthauzo lina. Pa mayeso, liwu lotere likabwera lokha popanda chiganizo, ganizirani kuti wolemba funso adalisankhiranji. Palibe angaike *broke* pa funso la kalankhulidwe pofuna kapu yosweka.

Tiyeni tisanje mndandanda umodzi mpaka pamapeto

Nawu mndandanda wa mtundu umene umapezeka m'makalasi a Fomu 3 ndi 4: *purchase, kids, children, commence, put off, broke, deem, fantastic, reside, carry out, sack, get*. Malangizo akuti madanga awiri.

Kuzungulira koyamba tingotola a m'mphepete pogwiritsa ntchito ziganizo ziwiri zija. *Purchase*, *commence* ndi *reside* akuseketsa mu uthenga wa pafoni, ndiye ndi antchito. Anzawo apansi ndi *buy*, *begin* ndi *live*. *Deem* ndi lalifupi koma nalo likuseketsa, chifukwa mnzanu mungamuuze *think* kapena *consider*, lilowe kuntchito. *Kids* silingalowe m'kalata ya *Dear Sir*. *Fantastic* ndi lalitali koma m'kalatamo likuchita phokoso. *Broke* ndi *sack* tawatengera matanthauzo awo a ndalama ndi a ntchito. Anayi amenewa alowe kumchezo. Tili ndi anayi uku, anayi uku, ndipo m'danga la pensulo mwatsala *children*, *put off*, *get* ndi *carry out*.

Kuzungulira kwachiwiri tifufuze anzawo. *Children* mnzake ali pomwepo pa mndandanda, *kids*, ndipo ali pansi pake, choncho *children* likwere kuntchito. *Put off* mnzake *postpone* palibe pa pepala, koma ndi amene aliyense angamuganizire, ndipo ali pamwamba. Palibe liwu lodziwika la pansi pake limene wolemba funso akadaliganizira. Lipite kumchezo. *Get* n'chimodzimodzi: anzake onse, *obtain*, *receive*, *become*, ali pamwamba pake. Kumchezo.

Latsala *carry out*, ndipo ili ndi lovuta zenizeni. Pansi pake pali *do*, pamwamba pake pali *conduct* ndi *execute*. Likhoza kulowa mbali iliyonse potengera amene mwaliimika naye. Apa mpamene kuwerenga kumathandiza: kuntchito kuli asanu, kumchezo kuli asanu ndi limodzi, ndipo mawu onse ndi khumi ndi awiri. Olemba mafunso amakonda madanga ofanana, ndiye *carry out* lilowe kuntchito, zomwe zikugwirizananso ndi kumene timalipeza kawirikawiri, m'malipoti. Koma kuwerengaku kubwere pomaliza penipeni, pa liwu limodzi lotsala. Amene amayamba ndi kuwerenga amatha kukankhira liwu lolondola kunja kuti manambala afanane, ndipo si mafunso onse amene madanga ake amafanana.

Zindikirani kuti pa mawu khumi ndi awiriwa, lamulo la utali likadalakwitsa *deem* ndi *fantastic*, lamulo la aneni a mawu awiri likadalakwitsa *carry out*, ndipo *children* likadakhala la mwayi. Ndi malikisi anayi amenewo, gawo limodzi mwa magawo atatu a ntchito yonse, otayika mwana akutsata mokhulupirika zimene adaloweza.

Kusanja kwakhoza, koma chiganizo chathyoka

Mabuku ambiri akatha kusanjitsa amapempha kuti mulembenso chiganizo m'kalankhulidwe kantchito. Apa pamabuka vuto lina limene mndandanda wa awiriawiri umabisa: mawu awiri ofanana tanthauzo safuna zinthu zofanana pambuyo pawo. Mwana amazula liwu limodzi, n'kubzala linzake pa dzenje lomwelo, zotsala zonse osazikhudza.

Titenge chiganizo ichi: *We talked about the problem and asked for more time, but the boss wouldn't let us hand it in late.* Yankho limene limabwera kawirikawiri ndi ili: *We discussed about the problem and requested for more time, but the manager wouldn't permit us submit it in late.* Mawu onse asanu asankhidwa bwino, koma chiganizo chathyoka malo anayi, ndipo chidule chimodzi chatsalira.

*Discuss* lidameza kale *about* m'kati mwake, ndiye timati *discussed the problem*. *Request* likakhala mneni nalo lidameza *for*: *requested more time*. Chimene chimasokoneza n'chakuti likakhala dzina *for* amabwerera, monga mu *a request for more time*, ndipo ana amaona zonse ziwiri m'makalata n'kuzisakaniza. *Let* limatsatidwa ndi mneni wopanda *to*, koma *permit* ndi *allow* amafuna *to*: *let us go*, koma *permit us to go*. *Hand it in* yense, pamodzi ndi *in* wake, ndi amene akulowedwa m'malo ndi *submit it*. *In* sayenera kutsala akulendewera. Pomaliza *wouldn't* atambasulidwe kukhala *would not*, chifukwa zidule za mtundu umenewu ndi za kulankhula ndi za kalata yamchezo. Chiganizo chokonzeka ndi ichi: *We discussed the problem and requested more time, but the manager would not permit us to submit it late.*

Ena a mtundu womwewu amene amabwerabwera: *tell him about the meeting* amasanduka *inform him of the meeting*, *go into the room* amasanduka *enter the room* popanda *into*, *get in touch with her* amasanduka *contact her* popanda *with*. Kukonza kwake ndi kusintha mmene kope la mawu limalembedwera. M'malo molemba *talk about* kumanzere ndi *discuss* kumanja basi, lembani tiziganizo tiwiri tathunthu, *talk about a plan* ndi *discuss a plan*, kuti diso lizolowere kuti kumanjako palibe mperekezi. Zimatenga malo ambiri m'kope, koma mawu makumi awiri olembedwa chonchi amaposa zana olembedwa okhaokha.

Pa *get* ndiyenera kuimapo pang'ono, chifukwa mndandanda umene umati "*get* ndi *obtain*" wawononga zimangirizo zambiri. *Get* ali ndi ntchito zambiri ndipo iliyonse ili ndi mnzake wantchito wosiyana. *Get a letter* ndi *receive a letter*. *Get permission* ndi *obtain permission*. *Get angry* ndi *become angry*. *Get to Zomba* ndi *arrive in Zomba* kapena *reach Zomba*. *I don't get it* ndi *I do not understand it*. Mwana woloweza mnzake mmodzi yekha amalemba *I obtained malaria* kapena *she obtained angry*. *Reside* naye ali ndi malire: amalowa m'malo mwa *live* ponena kumene munthu amakhala basi, osati ponena kukhala ndi moyo. *My grandmother resided for ninety years* sichikunena kanthu; wowerenga akudikira kuti mumuuze kuti ankakhala kuti.

Ndipo pali kulakwa kwa mbali ina, kumene ana akhama ndi amene amagwamo. Akadziwa kuti mawu antchito alipo, amafuna kusintha liwu lililonse m'chiganizo, mpaka *I went home and ate* asanduke *I proceeded to my residence and consumed*. Chingerezi chabwino chantchito chimamangidwa kwambiri ndi mawu apakati. Ntchito yaikulu ndi kuchotsa amchezo, osati kudzaza olemera. Funso likati lembaninso chiganizo, yambani mwadula mzere pansi pa mawu amchezo okha ndi zidule, musinthe amenewo, otsalawo muwasiye mmene alili.

Pamene yankho lanu ndi la m'buku zasiyana

Zimachitika, ndipo si nthawi zonse pamene wolakwa ndi mwana. Mawu amasuntha. *Bus* lidayamba ngati chidule cha *omnibus*, lero ndi dzina lake lokhalo limene anthu amagwiritsa ntchito. *Phone* ndi *exam* adayamba ngati zidule za *telephone* ndi *examination*, ndipo lero ali pafupi kwambiri ndi pakati, ngakhale pa funso la awiriawiri chidule chimapitabe kumchezo. Buku lakale ndi dikishonale yatsopano zikhoza kusiyana pa mawu otere, ndipo madikishonale awiri a chaka chimodzi nawonso nthawi zina sagwirizana pa mawu a m'malire.

Mukasemphana, yang'anani zinthu zitatu motsatana. Choyamba, kodi nonse mukunena tanthauzo limodzi la liwulo? Kusemphana kochuluka kumathera pomwepa. Chachiwiri, kodi dikishonale yaikapo chizindikiro chanji pa tanthauzo limenelo? Werengani mosamala, chifukwa zizindikiro si ziwiri zokha. *Slang* ili pansi pa *informal* ndipo pa madanga awiri ipita kumchezo. *Literary* ndi *old-fashioned* nthawi zambiri amakankhidwira kuntchito, koma si chimodzimodzi: *behold* ndi liwu la m'Baibulo ndi la ndakatulo, m'kalata yopempha ntchito silikwanamo. *Technical* ndi mawu a akatswiri, amene ndi nkhani ya *register* ya mtundu wina ija. Chachitatu, ngati palibe chizindikiro chilichonse, liwulo ndi lapakati, ndipo yankho la m'buku likudalira mnzake amene wolemba adali naye m'mutu.

Kwa aphunzitsi anzanga amene mumalemba nokha ntchito zoterezi, zambiri mwa zosemphanazi tikhoza kuzipewa polemba funso. Ikani danga lachitatu la *neutral*, kapena ngati mukufuna awiri okha, perekani mawu awiriawiri ndipo mufunse kuti pa awiriwo lokwera ndi liti. Mawu a matanthauzo angapo monga *broke*, *kid* ndi *sack* muwapereke m'chiganizo chachifupi. Ndipo pobweza makope, musangodula liwu lolakwika. Lembani pambali pake mnzake amene mumayembekezera, *postpone* pambali pa *put off*, *kids* pambali pa *children*. Mwana amene waika *carry out* kumchezo n'kulemba *conduct* pambali pake monga chifukwa, ineyo ndimamupatsa malikisi ake.